Ngati fayilo yaikulu ikukana kupita, yezani MTU

Masamba ang'onoang'ono akamatseguka bwino koma fayilo yaikulu n'kumaima panjira, musathamangire kudandaula za netiweki ya kuno ku Zomba. Kawirikawiri vuto ndi MTU, womwe ndi malire a kukula kwa paketi, kapena kuti kachidutswa ka deta, imene ingadutse pa netiweki. Kompyuta imatumiza mapaketi a mabayiti 1500, pomwe PPPoE, njira imene rauta zina zimalumikizira ku intaneti, imangolola 1492. Paketi yaikuluyo imatayidwa, ndipo uthenga wa ICMP wouza kompyuta kuti ichepetse ukatsekeredwa ndi fayawo, chotchinga chimene chimateteza netiweki, kompyutayo imangobwereza paketi yomweyo.

Kuti mupeze MTU yoyenera, pa Windows yesani:

```
ping -f -l 1472 8.8.8.8
```

Ikakana, tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka iyankhe. Tinene yayankha pa 1464: onjezani 28 ya mitu ya IP ndi ICMP, mupeza 1492. Ikani nambala imeneyo ngati MTU pa WAN ya rauta, mbali yolumikiza ku intaneti. Chonde, musamatseke ICMP yonse pa fayawo.