Momwe mungadyetsere anthu 120 m'mphindi 40 pa kantini ya sukulu kapena ya kuntchito

Makantini ambiri amene amatsekedwa teremu isanathe sikuti chakudya chake chinali choipa. Amagwa chifukwa mwini wake sankadziwa kuti lero kudya anthu angati, chipande chake chimanyamula nsima yochuluka bwanji, ndiponso mzere umaima pati. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto: sekondale yoyendera, kapena fakitale yaing'ono, kumene anthu 120 amadya nkhomaliro ndipo belu limawapatsa mphindi 40 zokha.

Yambani ndi kuwerenga anthu, moto usanayatsidwe

Gulitsani matikiti a chakudya m'mawa, pa buleki yoyamba kapena anthu akamalowa pageti. Tikiti ikhoza kukhala kakhadi kodulidwa kokhala ndi chidindo ndi tsiku, ndipo amene amalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba alandirenso kakhadi komweko. Ikamakwana 10 koloko mukhale mutatseka kugulitsa, chifukwa ndi nthawi imeneyo pamene wophika ayenera kudziwa kuchuluka kwa ufa woti ayeze. Onjezerani mbale zisanu kapena khumi za alendo ndi ochedwa, basi.

Kuntchito kumavuta pa nkhani ya ngongole. Anthu amafuna kudya mwezi wonse n'kudzalipira akalandira. Ngati mukuvomera zimenezi, gwirizanani ndi ofesi yolipira malipiro kuti ndalamazo zizidulidwa komweko. Kabuku ka ngongole kosungidwa kukhitchini kamatha ndi mikangano, ndipo amene wasiya ntchito amapita ndi ngongole yake.

Yezani mbale imodzi, kenako chulukitsani

Gulani sikelo ya kukhitchini musanagule china chilichonse. Munthu wamkulu kapena wophunzira wa sekondale amakhuta ndi nsima ya ufa wokwana magalamu 180, yomwe ndi mitanda iwiri yabwino. Kwa anthu 120 ndiye kuti makilogalamu 22 pa tsiku, choncho thumba la makilogalamu 50 likutherani masiku awiri n'kutsalako pang'ono. Nyemba zouma yezani magalamu 60 pa munthu, onse pamodzi makilogalamu 7 ndi pang'ono. Masamba osaphika akhale magalamu 100 pa munthu, makilogalamu 12, chifukwa akaphikidwa amafota kwambiri. Mafuta ophikira lita imodzi ndi theka ikwanira ndiwo zonse za tsikulo. Ngati odya anu ndi anthu onyamula katundu kapena omanga, ufa ukwezeni kufika magalamu 220, koma muukweze pa sikelo.

Achipatala ndi alangizi a zaulimi kuno amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale yotchipa singakhale ndi onse tsiku lililonse, koma magulu anayi ndi otheka popanda kukweza mtengo. Nsima, nyemba, ndi mpiru wothira mafuta pang'ono, anayiwo akwana. Zanyama zibwere kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo zisakhale za ng'ombe. Usipa kapena bonya wokwana magalamu 25 pa munthu, makilogalamu atatu kwa onse, umadyedwa ndi minga yomwe, ndiye thupi limapezamo zolimbitsa mafupa zimene nthuli ya nyama ilibe. Dzira limodzi pa munthu ndi mathireyi anayi a mazira 30, ndipo ubwino wa dzira ndi woti palibe amene angadandaule kuti mnzake wapatsidwa lalikulu. Soya pisi ndi yotchipa ndipo siwonongeka m'sitolo, koma mukaipereka masiku atatu otsatizana matikiti ayamba kutsala.

Tsatirani nyengo. Nthawi ya dzinja nkhwani, bonongwe ndi chisoso zimapezeka zambiri, pomwe m'chilimwe mumadalira repu, chainizi ndi kabichi za kudimba. Mango akachuluka mu Disembala, kapena manachesi m'nyengo yozizira, ikani chipatso chimodzi pambali pa mbale, chifukwa chimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba. Mgaiwa uli ndi chakudya chochuluka kuposa ufa woyera ndipo pa thumba lomwelo la chimanga mumapeza ufa wambiri. Ena amaunyoza, ndiye mukhoza kuyamba ndi gramili. Soda musamathire m'masamba ngakhale amafewetsa msanga, amapha mavitamini. Nsinjiro zigayidwe kuchokera ku mtedza umene mwasankha nokha, wopanda chuku komanso wosafota, popeza poizoni wa chuku satha ndi moto.

Nyemba zivikeni usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo n'kuthira ena. Zimapsa msanga ndipo nkhuni zimapulumuka, makamaka ngati mphika wakhala pa mbaula yotsekeka m'malo mwa mafuwa atatu.

Mtengo wa mbale muupeze chonchi: phatikizani zonse zimene zalowa mumphika pa sabata yathunthu, onjezani nkhuni, madzi, sopo, chigayo, mayendedwe ndi malipiro a antchito, muonjezerenso gawo limodzi mwa magawo khumi la zowonongeka, kenako gawani ndi mbale za sabatayo. Kuwerengera pa sabata kumachititsa kuti tsiku la nyemba lilipirire tsiku la mazira, mtengo n'kukhala umodzi masiku onse. Bwerezani masamuwa mwezi uliwonse, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene chimanga chimakwera.

Tsono miyezo yonseyi ndi yachabe ngati wogawa akugawa ndi maso. Chipande cha nsima chikhale chimodzi chodziwika, chikombe cha nyemba chimodzi, cha masamba chimodzi. Wogawa akamaonjezera theka la mtanda kwa anzake 30 okha, nsima ya anthu asanu ndi awiri yapita, ndipo amene amagona ndi njala ndi a kumapeto kwa mzere, omwe analipira chimodzimodzi.

Mzere: pezani pamene ukuima

Munthu amafunika mphindi 15 kuti adye mosatsamwa. Pa mphindi 40 zija ndiye kuti womaliza ayenera kukhala atalandira mbale yake pofika mphindi 25. Gawani mphindi 25 ndi anthu 120, mupeza kuti pa masekondi 12 alionse mbale iyenera kuchoka pawindo. Munthu mmodzi amene akulandira ndalama, kufufuza chenji, kuomola nsima ndi kuthira ndiwo amatenga masekondi 30 kapena kuposa, ndipo mzere wotere umatha ola lathunthu.

Matikiti aja achotsa kale nkhani ya chenji. Chotsatira n'kugawa ntchito: wina alandire tikiti n'kupereka mbale, wina aike nsima, wina ndiwo ndi masamba, mbale ikuyenda mbali imodzi. Nsima iomoledwe kale m'mitanda belu lisanalire, isungidwe m'mafuduwoma kapena m'mphika wovundikira. Mizere iwiri yotere, kumanzere ndi kumanja kwa tebulo limodzi, imapatsa aliyense wogawa masekondi 25 pa mbale, zomwe n'zotheka popanda kuthamanga. Mchere, tsabola ndi madzi akumwa zikhale patebulo lina patali, chifukwa munthu mmodzi akaima kuwaza mchere pawindo onse a kumbuyo aima. Polowera pasakhale potulukira, ndipo pobwezera mbale zakuda pakhale kunja kwa njira ya amene anyamula chakudya.

Pamene ambiri saganizira ndi posamba m'manja. Kusamba bwino ndi sopo kumatenga masekondi 20. Mpopi umodzi ndiye umasambitsa anthu atatu pa mphindi, ndipo anthu 120 amafunika mphindi 40, nthawi yonse ya nkhomaliro. Zikatero anthu amangolambalala mpopiwo. Ikani ndowa za mpopi zinayi, iliyonse ndi sopo wake ndi beseni lolandirira madzi akuda, mzere usanafike pawindo. Beseni limodzi loviikamo manja anthu onse lisapezeke n'komwe.

Ngati malo ndi ochepa, kambiranani ndi ahedi kapena abwana kuti anthu azituluka m'magulu awiri motalikirana mphindi khumi. Kusukulu a Fomu 1 ndi 2 atsogole, apo ayi akuluakulu amawakankhira kumbuyo. Aphunzitsi apatsidwe windo lawo kapena atumiziridwe mbale, asamadule mzere wa ana.

Kugawa mwaukhondo

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023 chifukwa cha matendawa. Kantini imodzi ikhoza kudwalitsa anthu onse 120 tsiku limodzi. Musanatsegule, pitani ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu mukafunse za chiphaso cha malo ogulitsira zakudya, ndipo onse ogwira chakudya akayezedwe kuchipatala. Wantchito amene watsegula m'mimba kapena akusanza akhale kunyumba mpaka patadutsa masiku awiri chisiyireni. Musamudule malipiro a masikuwo, chifukwa mukatero ulendo wina adzabisa matenda n'kubwera kudzagawa nsima.

Dzanja logwira matikiti kapena ndalama lisagwire chakudya. Ogawa avale epuloni ndi duku kapena chipewa, zikhadabo zikhale zowenga, ndipo chiwiya chilichonse chikhale ndi chikombe chake chogwirira kunja. Madzi oviikamo chipande poomola nsima akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo asinthidwe akangoyamba kuyera. Madzi akumwa mukathira WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo, tsatirani muyezo wake ndipo dikirani mphindi 30. Asungidwe m'ndowa ya mpopi, osati yotungamo ndi kapu.

Chakudya chophika chiyenera kukhala chotentha kuposa madigiri 60 mpaka chifike m'mbale. Ngati mulibe choyezera, vundukulani muone: pakapanda kutuluka nthunzi, bwezerani pamoto chiwire. Chimene chakhala chofunda kupitirira maola awiri musachipereke. Apa mpamene mpunga ndi nyemba zimapusitsa anthu. Nyemba zikasasa zimachita thovu n'kununkha, koma mpunga wogona kunja kwa firiji ukhoza kuoneka bwinobwino n'kusanzitsa anthu ngakhale mutautenthetsanso. Choncho konzani nthawi yophika mobwerera m'mbuyo kuchokera pa belu: nyemba zikhale pamoto wochepa mpaka nthawi yogawa, nsima ipse kutatsala theka la ola, masamba aphikidwe pomaliza. Kachumbali ndi saladi, zomwe sizidutsa pamoto, zisiyeni m'nyengo ya kolera.

Mbale zitsukidwe m'mabeseni atatu: loyamba la madzi otentha a sopo mutapala zotsala, lachiwiri lotsukuluzira, lachitatu la madzi a kolorini. Ziume zokha pathandala zitavundikiridwa. Kansalu kopukutira kamodzi kamangosamutsa dothi la mbale yoyamba kupita pa zina zonse.

Mukatseka windo, yang'anani zinthu ziwiri n'kuzilemba m'kope: zotsala mumphika ndi zotsala m'mbale. Zotsala mumphika zikutanthauza kuti munayeza mopitirira matikiti, ndiye mawa chepetsani ufa. Zotsala m'mbale zikutanthauza kuti anthu sanachikonde. Kabichi akabwerera wambiri Lachiwiri lililonse, sinthani kaphikidwe kapena ikani mpiru wotendera pa tsikulo, muone ngati ndowa ya zotsala ipepuka sabata yotsatira.