Kuwerenga tchati cha chialubino chojambulidwa pa foni

Tchati cha banja lina la ku Chibavi kuno ku Mzuzu chinabwera pa foni, mthunzi utadetsa ngodya imodzi moti mabokosi onse ankaoneka odetsedwa. Tinachijambulanso panja pamthunzi, foni ili pamwamba penipeni, zizindikiro zinaoneka bwino.

Bokosi ndi mwamuna, bwalo ndi mkazi, chodetsedwa chonse ndi mwalubino. Tinayambira pa mwana wamkazi wodetsedwa, makolo ake onse osadetsedwa. Chilembo a chimaimira jini ya chialubino, A jini yopanda chialubino, ndipo mwalubino amakhala ndi a awiri. Tinamulemba aa, makolo Aa, chifukwa aliyense anamupatsa a mmodzi. Chialubinochi chikanayendera kromozomu ya X, imene mwana wamkazi amalandiranso kwa bambo ake, bambowo akanakhala nacho. Pa mimba iliyonse ya makolowa mpata woti mwana abadwe mwalubino ndi 1 mwa 4.

Musafulumire kulemba AA pa mlongo wake wosadetsedwa. Lembani A_, kamzereko kakuimira chilembo chosadziwika, chifukwa mpata woti ali Aa ndi 2 mwa 3.