Momwe mungawerengere nthawi yosinthira sitima ku Britain kuti yachiwiri isakusiyeni

Siteshoni iliyonse ya sitima ku Britain ili ndi mphindi zoikika zimene zimatengedwa kuti ndi zokwanira kuti munthu atsike m'sitima ina ndi kukwera ina. M'masiteshoni ambiri mphindizi ndi 5, koma pa Manchester Piccadilly ndi 10, pa Birmingham New Street ndi 12, ndipo pa London Euston ndi 15. Webusaiti ya National Rail, imene anthu amafufuzirapo maulendo a sitima, sikupatsani ulendo umene mpata wake wosinthira uli wochepera pamenepa. Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti mphindizi anaziwerengera kuyenda kwa miyendo yanu basi, poganiza kuti sitima yoyamba yafika pa nthawi yake.

Choyamba, pezani mpata weniweni. Tiyerekeze kuti mukuchokera ku Leicester kupita ku Aberystwyth, ndipo musintha pa Birmingham New Street. Sitima yanu ikuyenera kufika 10:08, pamene yachiwiri ikunyamuka 10:22. Papepala muli ndi mphindi 14, koma mukachotsapo 12 zoyendera zija, zimene zatsala kuti ziphimbe kuchedwa kulikonse ndi ziwiri zokha. Sitima ikangoimitsidwa mphindi zisanu kunja kwa siteshoni podikira kuti pulatifomu ipezeke, zomwe si zachilendo pamalo otanganidwa ngati amenewa, ndiye kuti mwayamba kale kudya nthawi yoyendera. Chotsaninso theka la mphindi kapena kuposerapo, chifukwa zitseko zimatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane.

Kenako dzifunseni moona mtima ngati mphindi 12 zikukukwanirani inuyo. Pa New Street mapulatifomu alipo 12 ndipo ali pansi, kotero kuti muyenera kukwera pamwamba, kuwerenga bolodi, n'kutsikiranso kwina. Pulatifomu iliyonse inagawidwanso mbali ya a ndi ya b, moti munthu angathe kuima pa nambala yolondola koma sitima yake ili kumapeto enawo. Wodziwa malowo amene wanyamula kachikwama kamodzi angathe kusintha m'mphindi zisanu, koma amene ali ndi ana awiri ndi masutikesi, n'kumadikira chikepe chimene chadzaza kale, 12 zija zimamuthera asanafike.

Funso lachitatu, lomwe kwa ine ndilo lalikulu, ndi lakuti mukasiyidwa mutaya chiyani. Mukadakhala kuti mukupita ku Wolverhampton, kumene sitima zimapita kangapo pa ola, mpata wa mphindi 14 sukadakhala wodetsa nkhawa, popeza ina ibwera musanamalize n'komwe kumwa tiyi. Sitima zochoka ku Birmingham mpaka ku Aberystwyth ndi zotalikirana, kawirikawiri imodzi pa maola awiri, choncho kuchedwa kwa mphindi zisanu kungakuwonongereni masana onse. Pa ulendo wotere ndi bwino kunyamuka ku Leicester ndi sitima yonyamuka msangako n'kukadikira theka la ola pa siteshoni. Ngati yachiwiriyo ndi yomaliza pa tsikulo, kapena mukuthamangira ndege, onjezerani mpatawo kwambiri. Dziwaninso kuti ulendo wosintha kawiri uli ndi malo awiri oti zinthu zikanike, ndipo mukaphonya poyamba, pachiwiri pamaphonyeka pokhapokha.

Tsopano nkhani ya tikiti, pamene mphindi zoikikazi zimakutetezani. Tikiti ya Advance imagwira ntchito pa sitima imene yalembedwapo yokha. Komabe ngati mpata wanu unali wokwana mphindi zoikika za siteshoniyo, ndipo mwasiyidwa chifukwa sitima yoyamba inachedwa, mumaloledwa kukwera yotsatira popanda kulipiranso. Izi zimagwiranso ntchito ngakhale mutagula matikiti awiri osiyana a ulendo umodzi, malinga mwasiya mpata wokwanira. Koma mukadzipangira nokha ulendo wa mphindi 8 pa New Street podalira liwiro lanu, chitetezocho palibe, ndipo mungafunike kugula tikiti yatsopano pa mtengo wa tsikulo. Chimodzimodzinso ngati sitima inafika bwino koma inu munachedwera pogula chakudya.

Pa tsiku la ulendo, onani pa foni pulatifomu ya sitima yachiwiri mukadali m'njira, tsitsani katundu msanga, ndipo muime pafupi ndi chitseko. Mukaona kuti mpata ukutha, uzani kondakitala musanatsike, ngakhale kuti sitima yachiwiri kawirikawiri siidikira. Ikakusiyani, pitani kwa ogwira ntchito pa siteshoni akuuzeni yoti mukwere, ndipo sungani matikiti onse. Chipukuta misozi cha Delay Repay chimawerengedwa potengera nthawi imene mwachedwa kufika kumene mukupita, osati posinthira, ndipo makampani ambiri amayamba kulipira kuchedwako kukafika mphindi 15, ena 30. Pempholo mumalitumiza pasanathe masiku 28 ku kampani ya sitima imene inayambitsa kuchedwako.