Momwe mungagwiritsire ntchito malisiti a fizi kuti mudziwe zomwe mwalipira ndi zotsala kwa mwana aliyense

Makolo ambiri salipira fizi yonse kamodzi. Amapereka pang'ono potsegulira sukulu, kuwonjezera mwezi ukatha, ina n'kudzamaliza mayeso ali pafupi. Ngati ana ali awiri kapena atatu, pofika pakati pa temu mumakhala muli ndi mulu wa timapepala koma osadziwa kuti yatsala zingati, ndipo yatsala kwa mwana uti. Njira yomwe ndifotokoze pano yagona pa chinthu chimodzi: yotsala muziwerengera nokha kuchokera pa ndalama zomwe zalembedwa pa malisiti, kenako muzifananiza ndi yomwe sukulu ikunena. Musamangokopera nambala ya yotsala yomwe yalembedwa pansi pa lisiti, chifukwa ikakhala yolakwika mudzayenda nayo temu yonse osadziwa.

Sonkhanitsani mapepala onse pamodzi

Tengani chilichonse chokhudza fizi: kalata yomwe sukulu inapereka yonena za fizi ya temuyo, malisiti a sukulu, masilipi a kubanki, ndi mauthenga a pafoni otsimikiza kuti ndalama yapita. Zigaweni milu iwiri. Mulu woyamba ukhale wa malisiti operekedwa ndi sukulu. Wachiwiri ukhale wa umboni woti munatumiza ndalama, ndiye kuti masilipi ndi mauthenga aja.

Kugawa kumeneku musakudumphe. Ndalama imodzi imatha kusiya mapepala awiri, silipi ya kubanki ndi lisiti yomwe sukulu inalemba itaona silipiyo. Mukawerenga zonse ziwiri ngati malipiro osiyana, mudzaganiza kuti mwatsala pang'ono kumaliza pamene ngongole ikadali yaikulu. Choncho silipi iliyonse muipezere lisiti yake ndi kuzimangirira pamodzi. Silipi kapena uthenga womwe wasowa lisiti muuike padera, tiubwerera.

Ngati lisiti ndi ya pepala lopyapyala losalala lotuluka m'makina, ijambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Zilembo za pa pepala lotere zimafufutika ndi kutentha ndi dzuwa, ndipo pakatha miyezi ingapo mungatsale ndi pepala loyera.

Mwana aliyense akhale ndi tsamba lake

Gulani kope lapadera, ndipo mwana aliyense mumupatse tsamba lake pa temu iliyonse. Pamwamba lembani dzina lake monga linalembedwera kusukulu, kalasi, nambala yake ya kusukulu ngati ali nayo, temu ndi chaka. M'munsi mwake lembani zinthu ziwiri: fizi ya temu ino, ndi ngongole yomwe inatsala temu yatha. Mukaziphatikiza mwapeza ndalama yonse yomwe mukuyenera kulipira, ndipo kuchotsera konse kuyambira pamenepo. Ngati temu yatha munapereka yopitirira, ichotseni m'malo moiwonjezera.

Kenako jambulani mizere yotsika kuti pakhale magawo asanu: tsiku, nambala ya lisiti, zomwe ndalamayo yalipirira, kuchuluka kwake, ndi yotsala.

Zoyenera kutola pa lisiti iliyonse

Yambani ndi lisiti yakale kwambiri. Musanalembe chilichonse, werengani dzina la mwana. Ana a bere limodzi amakhala ndi dzina la bambo lofanana, ndipo wolemba malisiti akapanikizika ndi mzere wa makolo n'kosavuta kuti ndalama ya wamng'ono ailembe kwa wamkulu. Onaninso temu yomwe yalembedwa, chifukwa tsiku lolipira lokha silinena kuti ndalamayo ndi ya temu iti.

Pa kuchuluka kwa ndalama, malisiti ambiri amalemba kawiri, m'manambala ndi m'mawu. Ziwirizi zikasiyana, kakonzetseni msanga wolembayo asanaiwale. Ndiye onetsetsani zomwe ndalamayo yalipirira. Lisiti imodzi ikhoza kukhala ndi fizi pamodzi ndi ndalama ya mayeso kapena ya yunifolomu. Zoterezi muzilembe pamzere wakewake, ndipo pa yotsala muchotse gawo la fizi lokha.

Tiyese ndi ana awiri

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, inu mudzaikapo anu. Tinene kuti ndi temu yachiwiri. Fizi ya mwana wamkulu ndi 120,000, ndipo temu yatha kunatsala 15,000, kotero tsamba lake liyamba ndi 135,000. Wamng'ono fizi yake ndi 90,000 ndipo alibe ngongole yakale. Onse pamodzi ndi 225,000.

M'envulopu mwapezeka mapepala asanu. Pali silipi ya kubanki ya pa 7 Januwale ya 100,000. Pali malisiti awiri a pa 8 Januwale, nambala 0412 ya 60,000 m'dzina la wamkulu ndi 0413 ya 40,000 m'dzina la wamng'ono. Pali lisiti 0587 ya pa 3 Febuluwale ya 38,000 ya wamkulu, yomwe ikusonyeza kuti 30,000 ndi fizi ndipo 8,000 ndi ya mayeso. Chomaliza ndi uthenga wa pafoni wa pa 2 Malichi woti 25,000 inatumizidwa kusukulu, yomwe munalipirira wamng'ono, koma lisiti yake simunakatenge.

Munthu wongophatikiza mapepala onse asanu apeza 263,000, n'kuganiza kuti wapereka yopitirira ndi 38,000. Koma taonani silipi ija: 60,000 kuphatikiza 40,000 ndi 100,000, kutanthauza kuti ndi ndalama yomweyo yomwe sukulu inagawira ana awiriwo tsiku lotsatira. Silipiyo silowa m'kope ngati malipiro, ingomangiriridwa ku malisiti awiriwo.

Pa tsamba la wamkulu, 135,000 kuchotsa 60,000 kutsala 75,000. Pa lisiti 0587 tichotsa 30,000 yokha, kutsala 45,000. Ya mayeso ija ilembedwa pamzere wake koma siikhudza yotsala. Pa tsamba la wamng'ono, 90,000 kuchotsa 40,000 kutsala 50,000, ndipo kuchotsanso 25,000 kutsala 25,000. Ngongole yeniyeni ya ana onse awiri ndi 70,000.

Mzere wa 25,000 muulembe ndi pensulo, ndipo pamalo pa nambala ya lisiti muikepo nambala yomwe ili mu uthenga wa pafoni. Ndalamayo inachoka kwa inu, inde, koma mwina kusukulu sanailembe m'dzina la mwanayo, makamaka ngati potumiza simunatchule dzina kapena nambala yake. Mukatenga lisiti ndi pamene mulembe ndi cholembera. Ndalama yomwe banki kapena kampani ya foni yadula potumiza musaiwerengere ku fizi, chifukwa kusukulu siinafike.

Yanu ikasiyana ndi ya sukulu

Tsopano fananizani yotsala yanu ndi yomwe ili pa lisiti yomaliza ya mwana aliyense. Zikasiyana, musathamangire kukakangana. Chotsani nambala yaing'ono pa yaikulu, ndipo yankho lomwe mwapezalo mulifufuze m'mapepala anu. Kawirikawiri limafanana ndendende ndi nambala ina yomwe muli nayo kale, ndipo ndi imeneyo imakuuzani pomwe palakwika.

Mwachitsanzo, lisiti 0587 ikanena kuti wamkulu watsala ndi 30,000 pamene inu mwapeza 45,000, kusiyana kwake ndi 15,000, yomwe ndi ngongole ya temu yatha. Wolembayo anawerengera fizi ya temu ino yokha. Musasangalale kuti ayiwala, ngongoleyo ikadali m'buku lawo ndipo idzatuluka pa nthawi yomwe simukuyembekezera, mwina pokatenga zotsatira za mayeso. Ikanena 37,000, kusiyana ndi 8,000, ndiye kuti ya mayeso yawerengedwa ngati fizi. Kwa wamng'ono, sukulu ikanena 50,000 pamene inu muli ndi 25,000, mwadziwa kale kuti ndi ya pafoni ija yomwe sinalembedwe. Ndipo mukaona kuti mwana mmodzi ngongole yake yakwera ndi ndalama yofanana ndi yomwe yatsika kwa mnzake, ndalamayo inalembedwa kwa mwana wolakwika.

Kusiyana kukapanda kufanana ndi nambala iliyonse, yesani kukugawa ndi 9. Kukagawika popanda chotsala, n'kutheka kuti wina anasinthanitsa manambala polemba, monga 45,000 kulemba 54,000, pomwe kusiyana kwake ndi 9,000. Onaninso zomwe munakopera nokha, chifukwa cholakwa chotere chimachitika mbali zonse.

Popita kwa msungichuma wa sukulu, tengani kope ndi malisiti enieniwo, ndipo pemphani kuti akuonetseni mndandanda wa malipiro onse a mwanayo. Yendani nawo mzere ndi mzere potchula nambala ya lisiti. Kunena kuti "ndinalipira mwezi watha" sikuthandiza munthu amene walandira ndalama za ana mazanamazana, koma mukati "lisiti 0413 ya pa 8 Januwale" aipeza msanga. Akakonza, alembe pa pepala, asaine ndi kudinda. Malisiti enieni musawasiye kumeneko, ngati akufuna umboni asiyireni fotokope.

Kwa amene akufuna kugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta

Kope ndi lokwanira kwa ana awiri kapena atatu. Koma ngati mukulipirira ana ambiri, Excel kapena Google Sheets ikuchepetserani ntchito. Malipiro onse muwaike patsamba limodzi, malipiro amodzi pamzere umodzi: A tsiku, B mwana, C temu, D nambala ya lisiti, E zomwe zalipiridwa, F ndalama. Lisiti yokhala ndi zinthu ziwiri, ngati 0587, itenga mizere iwiri. Yotsala ya wamkulu ipezeka motere:

```
=135000-SUMIFS(F:F,B:B,"Wamkulu",C:C,"T2",E:E,"fizi")
```

Fomulayi muiike kunja kwa magawo amenewa, monga mu H2. T2 ikuimira temu yachiwiri, ndipo mu C muzilemba momwemo. Imaphatikiza mizere yokhayo yomwe dzina, temu ndi mtundu wa malipiro zafanana ndi zomwe mwatchula. Chifukwa cha ichi dzina la mwana muzililemba mofanana nthawi zonse, popeza chilembo chimodzi chikasiyana mzerewo udumphidwa popanda chenjezo. Ndalama muzilemba manambala okhaokha, osaikapo mawu.

Kuti mugwire lisiti yomwe yalowa kawiri, ikani iyi mu G2 ndi kuikokera pansi:

```
=COUNTIFS(D:D,D2,E:E,E2)
```

Paliponse pomwe patuluke nambala yoposa 1, lisiti yomweyo ya chinthu chomwecho yalembedwa mobwereza, ndiye fufutani mzere umodzi.

Temu ikatha, jambulani mzere pansi pa tsamba la mwana aliyense, tsimikizani yotsala ndi sukulu, ndipo nambala imeneyo ndiyo mukailembe pamwamba pa tsamba la temu yotsatira ngati ngongole yakale. Malisiti a temu yathayo muwasunge m'envulopu yolembedwa dzina la mwana, temu ndi chaka, mpaka mwanayo atamaliza pasukulupo n'kutenga mapepala ake onse.