Zomuuza Mtsikana Asanayambe Kusamba

Malangizo awa ndi a amayi, azakhali ndi aphunzitsi. Musadikire tsiku limene mwana adzaone magazi kuti ndiye mumuitanire alangizi. Yambani kucheza naye mawere akangoyamba kuphuka.

Atsikana ambiri amayamba kusamba ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 15, kawirikawiri patatha zaka ziwiri mawere ataphuka. Bere limodzi likhoza kutsogola, n'kumapweteka pang'ono; si matenda. Tsitsi la m'khwapa ndi pachinena limameranso nthawi yomweyi. Kukatsala miyezi 6 mpaka 12 kuti ayambe kusamba, amaona chikazi choyera pa kabudula wamkati. Ngati sichinunkha ndipo sichiyabwa, palibe chovuta. Apa ndiye pomuikira padi ndi kabudula wina m'chikwama cha kusukulu, ndi chitenge chomanga m'chiuno yunifomu ikathimbirira.

Muuzeni mosabisa kuti magazi oyamba nthawi zambiri sakhala ofiira. Amakhala madontho oderako, ndipo ana ena amaganiza kuti adziipitsira, n'kubisa kabudulayo pansi pa matiresi. Kusamba kumatenga masiku 2 mpaka 7. M'zaka zoyambirira masiku sayenda ndendende: kuchokera tsiku loyamba la kusamba kufika tsiku loyamba la kusamba kotsatira pakhoza kupita masiku 21 mpaka 45. Mwachitsanzo, wayamba pa 3 Malichi, n'kudzaonanso pa 12 Epulo; amenewo ndi masiku 40, ali bwinobwino. Azilemba matsikuwa kumapeto kwa kope, chifukwa anesi adzafunsa.

Padi isinthidwe pakatha maola 4 mpaka 6. Ngati ndi kansalu, kachapidwe ndi sopo, kaume padzuwa. Ambiri amakayanika kuseri kwa bedi chifukwa cha manyazi, n'kukavala kachinyezi, ndiye kuyabwa kumayambira pomwepo. Cham'mimba chimachepa ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, kapena Panadol monga mwa malangizo a pa paketi. Za kusathira mchere m'ndiwo ndi mwambo wa pakhomo, koma achipatala saletsa. Chomwe sayenera kuphonya n'chakuti mimba imatheka ngakhale asanasambeko n'kamodzi komwe.

Pitani naye kukiliniki ngati wakwanitsa zaka 15 osasamba, ngati mawere aphuka asanafike zaka 8, ngati magazi apitirira masiku 7, ngati padi ikudzaza ola lililonse kapena awiri, ngati padutsa masiku 90 osasambanso, kapena ngati ululu ukumujombetsa kusukulu.

Kumeneko mulekeni afunse yekha: "Anesi, magazi angawa ndi ochuluka kodi? Chizungulire ndi kutopaku si kuchepa kwa magazi? Ndimwe mapiritsi angati? Katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, ndilandire liti?" Akachita manyazi pamaso panu, tulukani mukamudikire panja. Ndipo ngati pali munthu amene akumugwiragwira thupi, auze anesi kapena aimbe 116 kwaulere.