Ndalama za ulendo wa ku Joni: musinthe zingati, ndipo muzidya bwanji mukafika

Amene akukwera basi ya ku Joni koyamba amakonda kufunsa kuti asinthe ndalama zingati. Yankho lake limachokera pa kuwerenga masiku, kuyambira tsiku lotsika basi ku Park Station mpaka tsiku limene mudzalandire malipiro oyamba. Ntchito zambiri ku South Africa zimalipira pakutha pa mwezi. Ngati mutatha masabata awiri musanayambe ntchito, kenako n'kugwira mwezi wathunthu, ndiye kuti masiku 45 onsewo mudzakhala mukudya za m'thumba.

Marandi mugulire ku Malawi konko, chifukwa kwacha ikadutsa pa Mwanza kapena pa Dedza simupeza woilandira. Pitani ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama mutanyamula pasipoti ndi tikiti, ndipo lisiti yake muisunge. Ndalama zakunja zimasowa kwathu, choncho yambani kufunsa kudakali masabata angapo. Wodikira tsiku lomaliza amathera m'manja mwa anyamata a pa chipata, komwe mtengo ndi wokwera, n'kosaloledwa, ndipo m'kati mwa mpukutu mutha kukhala pepala lachinyengo. Dziwaninso kuti South Africa ili ndi malire a marandi a m'manja amene munthu angalowe nawo.

Njira imadutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, koma musavutike kugula ndalama za dziko lililonse. Chofunika ndi marandi ang'onoang'ono, a R10, R20 ndi R50, olipirira chimbudzi, madzi ndi chakudya. Muli ndi madola a ku America ochepa, ku Zimbabwe akuthandizani. Ya R200 musaitulutse panjira, chifukwa chenji chake chibwera m'ndalama imene simukaigwiritsanso ntchito. Za panjirazi zikhale m'thumba lapafupi, zina zonse m'kati mwa zovala, m'malo awiri osiyana.

Tiyerekeze kuti mwasintha R6,000. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, inu mufunse yeniyeni kwa amene akukulandiraniyo musananyamuke. Panjira mudya R500. M'bale wokusungani mumupatsa R1,000 yothandizira lendi ndi magetsi, pakuti nayenso amalipira. Nambala ya foni ya komweko ndi mayunitsi zitenga R200. Kenako patulani R2,000 ya tikiti yobwerera. Iyi ndimaiumirira kwambiri, chifukwa maliro akachitika kumudzi, kapena ntchito imene munalonjezedwa ikapanda kutheka, munthu wopanda ya basi amalowa m'ngongole ya katapira.

Zatsala R2,300. Mukazigawa pa masiku 45, tsiku lililonse mupeza pafupifupi R51. Ngati takisi yopita kuntchito ndi R20, kubwerera R20, mwatsala ndi R11 ya chakudya, sopo ndi foni. Apa ndiye poonekera kuti R6,000 ija, ngakhale m'makwacha inkaoneka mulu, siikwana. Mukafuna R90 pa tsiku, masiku 45 afuna R4,050, ndipo zonse pamodzi zifika R7,750. Kuwerengetsa kumeneku kuchitike muli kwanu, pamene mungathe kuchedwetsa ulendo kapena kugwirizana ndi m'bale wanu za malo ogona apafupi ndi ntchito.

Mukafika, lekani kusinthira mtengo uliwonse m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndiye mtengo umene muli nawo m'mutu mwina ndi wakale. Komanso chiwerengero cha makwacha chimangokuopsani kapena kukunamizani, osakuuzani ngati mufika kumapeto kwa mwezi. Buledi muziyerekeza ndi gawo lanu la tsikulo. Ngati gawolo ndi R90, nkhuku ndi tchipisi za R60 zadya magawo awiri mwa atatu a tsiku lonse.

Kusunga gawo la tsiku ndi tsiku n'kovuta chifukwa ufa, mafuta ophikira ndi shuga zimatchipa mukagula zambiri nthawi imodzi. Ndi bwino kugawa ndalama pa sabata, R630 m'envulopu iliyonse. Lolemba chotsani kaye za takisi za sabata yonse, mugule ufa ndi ndiwo, zotsalazo ndiye za zina ndi zina. Envulopu ikatha Lachinayi, musatsegule ya sabata yamawa musanaone chimene chadya ndalama. Kawirikawiri amakhala mayunitsi oimbira kumudzi ndi zakudya zogula m'njira.

Achibale ayamba kufunsa za Mukuru sabata yoyamba yomwe, poganiza kuti mwafika pa ndalama. Auzeni musananyamuke kuti simutumiza kanthu mpaka malipiro oyamba atalowa, ndipo muwatchulire mwezi wake.