Musanalembe mawu opangitsira chithunzi, yambani mwagwirizana

Tinene kuti gulu lanu ku Kasungu likufuna chithunzi cholengezera chiponde, chopangidwa ndi makina a AI omwe amajambula chithunzi potsatira mawu omwe mwalemba. Aliyense abweretse zithunzi zitatu zomwe zamusangalatsa, muziike pa tsamba limodzi la Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi, kapena muzimate pa katoni. Chotsani zotsutsana mpaka zitsale zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kukangana kuthere pamenepo, osati pa kompyuta pamene bandulo ikutha.

Kenako pa chithunzi chilichonse dzifunseni: chatikopa n'chiyani kwenikweni? Yankho likhale chinthu chooneka ndi maso. "Chokongola" sichiuza makina kanthu, koma "dzuwa la m'mawa, dothi lofiira, mtedza pa lichero, chojambulidwa pafupi" chimauza. Mawuwo muwagawe: chinthu, malo, kuwala, mitundu, ndi zosafunika.

Zida zambiri zimamva bwino Chingerezi, choncho mmodzi yekha amasulire ndi kulemba:

```
peanut butter jar, groundnuts in winnowing basket, red soil, morning light, close-up
```

Dzina la malonda mudzalembe nokha pambuyo pake, poti makinawa nthawi zina amapotoza zilembo. Chithunzi chikalakwika, sinthani mawu amodzi okha n'kuyesanso. Mukasintha atatu, simudziwa omwe akonza.